Njinga Yamoto Ikamazima Poima

Njinga yamoto ina imathamanga bwino pamsewu, koma ikangoima imayamba kutsokomola. Mwini wake akaleka kukoka mafuta, injini imati phu, phu, phu, kenaka zii. Amaponda kiki, njinga imalira, akasiya chogwirira imazimanso. Pamphambano, pamlatho wopapatiza kapena pakati pa msika, munthu amakhala akuponda kiki katundu ali pambuyo, ndipo ena amagwa nayo njinga pomwepo.

Anzanga, vuto ili nthawi zambiri silifuna ndalama zambiri. Limafuna maso, chipiriro ndi kudziwa poyambira. M'phunziro lino tikamba za njinga zazing'ono zimene zili ndi kabuleta, zonga za 100 cc, 110 cc ndi 125 cc, zimene petulo wake sasakanizidwa ndi oyilo. Tikati petulo tikunena gazolina. Sitikunena mafuta a nyale amene kwathu kuno timawatcha petroleyo. Amenewo tiziwatcha palafini.

Injini imadya chiyani?

Mayi akamasonkha moto amafuna zinthu zitatu: nkhuni, mpweya ndi machesi. Nkhuni zikachuluka pamafuwa mpweya ndi kusowa polowera, moto umafuka utsi ndipo umazima. Nkhuni zikachepa, moto umazimanso. Injini nayo ili chimodzimodzi. Nkhuni zake ndi petulo. Mpweya wake umalowera pa sefa. Machesi ake ndi pulagi, imene ena amaitcha vela.

Injini imadya mpweya wambiri kuposa petulo. Tikayeza kulemera kwake, pa kilo imodzi ya petulo pamafunika makilo a mpweya pafupifupi 15. Ntchito ya kabuleta ndi kusakaniza ziwirizi pa muyeso woyenera. Petulo akachuluka, injini imatsamwa. Petulo akachepa, injini imafa ndi njala. Munthu woimirira pambali amamva kutsokomola kofanana, koma matenda ndi awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Chotero funso loyamba ndi ili: kodi njinga yanga yatsamwa kapena ili ndi njala?

Njira ziwiri za petulo

Pansi pa kabuleta pali kambale kachitsulo. Petulo wochokera m'thanki amayamba wadikha m'kambale aka. M'kati mwake muli choyandama chimene chimatseka njira petulo akadzaza, ndi kutsegula akachepa. Kuchokera m'kambale petulo amakwera kupita ku injini kudzera m'timachubu tiwiri ta mkuwa. Timachubu timeneti dzina lake ndi majeti.

Jeti yaikulu ili pakati. Bowo lake ndi pafupifupi milimita imodzi. Iyi imagwira ntchito pamene mwakoka mafuta ndipo njinga ikuthamanga. Pambali pake pali jeti yaing'ono, yowonda ndi yaitali pang'ono. Pa jeti iliyonse pamalembedwa nambala. Pa yaing'ono mungapeze 35, 38 kapena 40, ndipo bowo lake silifika ngakhale theka la milimita. Ndi kabowo koti nsonga ya singano yosokera siingapyole.

Tsopano mvetsani apa, chifukwa phunziro lonse lagona pamenepa. Njinga ikaima ndipo inu mwasiya chogwirira mafuta, khomo lalikulu la m'kabuleta limatsekeka, kungotsala kampata kochepa. Jeti yaikulu imapuma. Injini yonse imadalira kabowo kakang'ono kaja. Kulira kwa pansi kumeneku, njinga ili chiimire, amakaniko ambiri amakutcha ralenti. Pa njinga zazing'ono zambiri injini imazungulira pafupifupi ka 1,400 pa mphindi imodzi ikakhala pa ralenti.

Amene ali ndi dimba akudziwa kuti ngalande yaikulu siitsekeka ndi tsamba limodzi, koma kangalande kopita pa bedi kamatsekeka. N'chifukwa chake njinga ingathe kuthamanga bwino kuchokera ku Domwe mpaka ku Ulongwe, koma ndi kuzima ikangofika pamsika. Ngalande yaikulu ikuyenda, yaing'ono yatsekeka.

Chimatseka jeti ndi chiyani? Choyamba ndi fumbi ndi tizinyalala tobwera ndi petulo. Ambiri a ife timagula petulo wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu, ndipo botolo, fanelo kapena chigubu sizikhala zoyera nthawi zonse. Chachiwiri ndi dzimbiri la m'thanki. Chachitatu ndi petulo wokhalitsa. Njinga ikakhala miyezi iwiri kapena itatu osayenda, monga nthawi ya dzinja misewu ikaonongeka, petulo wa m'kambale amauma ndi kusiya zomata zonga utomoni. Madzi nawo amavuta. Amalemera kuposa petulo, motero amakhala pansi pa kambale, pafupi ndi pakamwa pa majeti.

Pali njira yapafupi yoyesera jeti yaing'ono musanamasule kanthu. Lizani njinga mpaka injini itenthe. Kenaka tsekani tchoki pang'ono, ndiye kuti kampini kaja timakoka m'mawa kukazizira. Tchoki imaonjezera petulo m'chisakanizo. Ngati injini yotentha ikulira bwino tchoki ili yotseka, koma ndi kuzima mukaitsegula, njingayo ili ndi njala. Ngati mukangokhudza tchoki injini ikuzimiratu msanga, njala palibe. Njinga yabwino imatero ikatentha, ndipo yotsamwa imatero msanga koposa.

Pulagi ndiyo mboni

Pulagi imakhala m'kati mwa injini, pamene moto umayakira. Imaona zonse zochitika m'menemo, ndipo maonekedwe ake amatiuza zimene yaona. Choncho tiyambe ndi iyo, pakuti kuichotsa ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Dikirani injini izizire kuti musapse. Zulani chipewa cha pulagi, osakoka waya. Pukutani dothi lozungulira pulagi kuti lisagwere m'bowo. Kenaka masulani ndi sipanala yake. Njinga zambiri za 100 cc ndi 110 cc zimene injini yake ndi yogona zimakhala ndi pulagi yolembedwa C7HSA, ndipo sipanala yake ndi ya 16. Zambiri za 125 cc zimene injini yake ndi yoimirira zimakhala ndi D8EA, sipanala yake ya 18. Werengani zilembo za pa pulagi yanu ndi kuzilemba m'kope. Popita kukagula ina, pitani ndi kopelo, chifukwa pulagi yaitali kapena yaifupi kuposa yake imaononga injini.

Tsopano yang'anani kunsonga kwake. Pakati pali kanthu koyera konga mbale yadothi, ndipo pamwamba pake pali kachitsulo kopindika.

Nsonga ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, ndiponso youma, moto ukuyaka bwino.

Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, wonga wa kunsi kwa mphika, wochoka mukaupukuta ndi chala, petulo wachuluka kapena mpweya wachepa. Njingayo yatsamwa. Apa tiganizire sefa ya mpweya, tchoki yoiwalika ili yotseka, kapena choyandama chimene sichikutseka bwino.

Ikakhala yoyera mbuu ngati phulusa, petulo wachepa ndipo injini ikutentha kwambiri. Izi ndi zoopsa kuposa mwaye, chifukwa kutentha kumaononga mavavu ndi pisitoni.

Ikakhala yakuda, yonyowa ndi yonona, ndiye kuti oyilo akulowa m'malo oyakira moto. Njinga yotere imatulutsa utsi wotuwa mobiriwira. Limeneli si vuto la kabuleta, ndi la maringi a pisitoni kapena mavavu, ndipo ndi la makaniko.

Koma mboni iyi tiimvetse bwino. Pulagi imanena kwambiri za nthawi imene njinga inali kuthamanga, chifukwa ndi pamene imakhala nthawi yaitali. Jeti yaing'ono ikatsekeka, pulagi ingathe kuoneka yofiirira bwinobwino. Chotero pulagi yabwino pa njinga yozima poima ikutilozera ku jeti yaing'ono.

Mwaye umazimitsa bwanji njinga? Magetsi amayenera kulumpha kampata ka pakati pa nsonga ndi kachitsulo kopindika. Mwaye umawapatsa njira yachidule yothawira m'mbali, osalumpha. Injini ikamazungulira msanga magetsi amakhala amphamvu, motero amalumphabe. Pa ralenti injini imazungulira pang'onopang'ono, magetsi amafooka, ndipo moto umayamba kudumphadumpha: uku wayaka, uku waphonya. Kutsokomola kumene timamva ndi kumeneko.

Kampata kaja kali ndi muyeso wake. Pa mapulagi awiri tatchulawa ndi 0.6 mpaka 0.7 ya milimita. Pulagi ikakalamba nsonga imadyeka, m'mbali mwake mumabulungira, ndipo kampata kamakula. Amakaniko ali ndi timapepala tachitsulo toyezera. Ngati kampata kakula pang'ono, gogodani kachitsulo kopindika mofatsa pa thabwa. Ngati nsonga yadyeka kapena koyera kaja kang'aluka, gulani pulagi ina. Ya mwaye chabe, itsukeni ndi kaburashi ndi petulo pang'ono, ndipo muiumitse.

Kuti muone moto wake, bwezerani pulagi m'chipewa, gonekani chitsulo chake pa injini, ndipo pondani kiki kiyi ali wotsegula. Gwirani chipewa ndi nsalu youma, ndipo pasakhale petulo wotayika pafupi. Moto wabwino ndi wabuluu ndipo umamveka kuti tcha, tcha. Moto wofiira kapena wachikasu ndi wofooka.

Pobwezera pulagi, yambani kumanga ndi zala mpaka ikhale. Mukayamba ndi sipanala mungapotoze mazinga a m'mutu wa injini, amene ndi ofewa. Ikakhala, pulagi yatsopano imafuna theka la kuzungulira kumodzi ndi sipanala. Yakale imafuna pang'ono chabe.

Sefa ya mpweya

Misewu yathu yambiri ndi yadothi. Kuyambira Juni mpaka mvula itagwa, njinga imayenda m'fumbi, ndipo ikatsatira lole imameza fumbi lenileni. Sefa ndiyo imagwira fumbilo kuti lisalowe m'injini. Imakhala m'bokosi lapulasitiki kumbuyo kwa kabuleta, kunsi kwa chishalo kapena m'mbali.

Sefa ikadzaza fumbi, injini imavutika kukoka mpweya, ndipo m'malo mwake imakoka petulo wambiri. Zili ngati nyale yagalasi imene mabowo ake apansi atsekeka: lawi limafiira, galasi limada. Zizindikiro zake ndi izi: njinga imalemera pokwera mtunda, imamwa petulo wambiri, paipi ya utsi imada ndi mwaye, ndipo nthawi zina imatulutsa utsi wakuda.

Poima injini imafuna mpweya wochepa, ndiye sefa yakuda payokha siizimitsa njinga kawirikawiri, pokhapokha itatsekeka kotheratu. Imaizimitsa modzera kwa pulagi. Njinga ikamathamanga ndi sefa yakuda, pulagi imadzola mwaye. Ikaima, pulagi yamwaye imalephera. Ndi chifukwa chake munthu wosintha pulagi yokha amakondwa sabata imodzi kapena awiri, kenaka vuto limabwerera, iye n'kumati mapulagi a masiku ano ndi achabechabe. Pulagi ilibe mlandu, mlandu uli m'bokosi la sefa.

Sefa zilipo za mitundu iwiri. Ya siponji imachapika. Iviikeni m'palafini kapena m'madzi a sopo, ifinyeni m'manja kangapo mpaka zakuda zithe. Musaipotokole ngati chovala, ingang'ambike. Iumitseni pamthunzi mpaka iume ndithu. Kenaka idonthezereni oyilo wa injini woyera, pafupifupi supuni imodzi yaikulu, ndi kuifinyafinya kuti oyilo afike ponseponse. Finyani wotsala achoke. Siponji iyenera kukhala yonona, osati yodontha. Oyilo ndiye amagwira fumbi losalala. Siponji youma imalola fumbi kudutsa, ndipo yonyowa kwambiri imatseka mpweya monga momwe fumbi limachitira.

Ya pepala siichapidwa ndipo siithiridwa oyilo. Igogodeni pang'ono kuti fumbi ligwe. Mukaiyang'anitsa ku dzuwa kuwala osapyola, nthawi yake yatha.

Ena akaona kuti njinga ikulira bwino sefa itachotsedwa, amaitaya sefayo n'kumayenda choncho. Kumeneko ndi kupha injini. Fumbi limapala pisitoni ndi maringi ngati mchenga wokwechera mphika, ndipo mtengo wokonzera zimenezo ungagule masefa ambirimbiri. Kuchotsa sefa ndi kwa mphindi imodzi yoyesera basi, pamalo opanda fumbi.

Anzathu a kumapiri akumbukirenso ichi. Ku Angonia, ku Tsangano ndi ku Lichinga ndi kokwera mamita oposa 1,000, pamene mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi. Kokwera mpweya ndi wopepuka. Njinga imene inachunidwa bwino ku Tete ikafika kumtunda imakhala ndi petulo wochulukirapo pang'ono. Ikapeza sefa yakuda, pulagi imada msanga.

Kutsuka jeti yaing'ono

Ntchito iyi ichitikire panja, kutali ndi moto wophikira, nyale ndi fodya. Ana akhale patali. Yalani nsalu yoyera kapena thireyi, chifukwa jeti ikagwera m'dothi kuipeza ndi ntchito ina.

Yambani ndi chapafupi. Tsekani kampopi ka petulo. Pansi pa kambale pali sikuluwu yotayira. Ikani botolo lagalasi loyera kunsi, masulani sikuluwuyo, petulo atsikire m'botolo. Lisiyeni botolo lidikhe. Ngati muli madzi, mudzaona timadontho kapena mzere pansi pa petulo. Ngati muli dzimbiri, mudzaona tofiira. Tsegulani kampopi pang'ono muone ngati petulo akutsika mokwanira, kenaka mangani sikuluwu. Nthawi zina kutaya madzi kokhaku kumachiza njinga.

Zikakanika, chotsani kabuleta. Masulani chipewa chake chapamwamba ndi kusolola chitseko chobulungira chimene chili ndi singano. Musachigwetse pansi, ndipo onetsetsani mbali imene chayang'ana. Masulani kumbali ya sefa ndi kumbali ya injini. Tembenuzani kabuleta, masulani masikuluwu a kambale, ndipo samalani kalabala kotsekera m'mbali mwake. Mudzaona choyandama ndi majeti awiri aja.

Masulani jeti yaing'ono ndi sikuludiraiva yokwana bwino m'mpata wake. Mkuwa ndi wofewa, ndipo sikuludiraiva yosakwana imaphwanya mutu wa jeti. Ikwezeni ku dzuwa ndi kusuzumira. Muyenera kuona kadontho ka kuwala kobulungira. Ngati kulibe, kapena kali ngati mwezi wongooneka kumene, jeti yatsekeka. M'mbali mwake mulinso timabowo tina, nato tiyenera kukhala totseguka.

Iviikeni m'petulo woyera kwa theka la ola. Kenaka ipopeni ndi pampu ya njinga yakapalasa. Musauzire kapena kuyamwa ndi pakamwa, petulo ndi poizoni. Chikakakamira, tengani kawaya kamodzi kakang'ono ka mkuwa kochokera m'nthambo yakale ya magetsi, kaja kowonda ngati tsitsi, ndi kukapyoza mofatsa. Singano, phini kapena waya wachitsulo ayi. Zimenezi zimakulitsa bowo, ndipo bowo likakula silibwerera. Njinga imene inali ndi njala imasanduka yotsamwa mpaka mutagula jeti ina.

Popaninso m'kanjira kamene jeti inatulukamo, pakuti nako kamatsekeka. Tsukani kambale, bwezerani zonse monga zinaliri, ndipo musamange jeti mwamphamvu.

Masikuluwu awiri a m'mbali

M'mbali mwa kabuleta muli masikuluwu awiri ochunira. Yoyamba ili ndi sipuling'i yoonekera, ndipo imakweza kapena kutsitsa ralenti. Mukaimanga injini imalira mokwera. Anthu ambiri njinga ikayamba kuzima amathamangira kumanga sikuluwu iyi. Njinga imaleka kuzimadi, koma matenda amakhala atangophimbidwa. Injini imabangula poima, imatentha, imamwa petulo, ndipo giya imalowa mogunda.

Yachiwiri ndi yaing'ono, ndipo imachuna chisakanizo cha pa ralenti. Ikakhala kumbali ya sefa, imayendetsa mpweya: kuimasula kumachepetsa petulo m'chisakanizo. Ikakhala kumbali ya injini, imayendetsa petulo: kuimasula kumaonjezera petulo. Musanaikhudze, imangeni pang'onopang'ono mukuwerenga kuti yazungulira kangati mpaka itangokhala, ndipo lembani nambalayo. Musaikanikize, nsonga yake ndi yosachedwa kuonongeka. Pa njinga zambiri poyambira pabwino ndi kuimasula kamodzi ndi theka kapena kawiri.

Kuchuna kumachitika injini ili yotentha, sefa ili yoyera ndipo ili m'malo mwake. Zunguzani sikuluwu yaing'ono kotala imodzi, dikirani pang'ono, mvetserani. Pitirizani kumbali imene injini ikulira mokwera ndi mosalala. Mukapeza malo amenewo, tsitsani ralenti ndi sikuluwu ya sipuling'i mpaka injini izilira modekha osazima. Chitani zimenezi panja, chifukwa utsi wa injini m'nyumba yotseka umapha.

Njinga ya mlimi wa mbatata

Mlimi wina wa m'kalasi lathu ali ndi njinga ya 125 cc imene amanyamulira mbatata za kachewere kupita nazo kumsika. M'mwezi wa Seputembala njingayo inayamba kuzima paliponse pamene waima. Anali atagula kale mapulagi awiri m'miyezi iwiri, ndipo sikuluwu ya ralenti anali ataimanga mpaka injini kumabangula. Tsiku lina titaweruka tinaiyang'ana pamodzi ndi anzathu a m'kalasi.

Tinachotsa pulagi. Inali ya masabata atatu okha, koma inali bii ndi mwaye wouma. Nsonga yake inali isanadyeke. Mayi wina amene anali ndi kope analemba kuti: pulagi yakuda, youma. Tinatsegula bokosi la sefa. Siponji inali yofiira ndi dothi, yolimba ngati chigumu chogona. Mwini wake anati, "Aphunzitsi, chigulire njinga iyi bokosi limeneli sindinalitsegulepo."

Tinachapa siponji m'madzi a sopo katatu, ndipo madzi oyamba anali ngati a m'chithaphwi. Popeza kunja kunali kutada, tinaisiya kuti iume usiku wonse. M'mawa tinaithira oyilo, tinatsuka pulagi ndi kuyeza kampata kake, ndipo tinabwezera zonse. Njinga inalira pa kiki yoyamba. Mwini wake anaiyendetsa mpaka pachitsime ndi kubwerera, nati mphamvu zabwerera. Koma titatsitsa ralenti kufika pamalo ake, injini inatsokomola ndi kuzima monga kale.

Ena anati ntchito yathu yapita pachabe. Tinayesa tchoki. Injini inali yotentha, koma titatseka tchoki theka inalira mosalala, ndipo titatsegula inazima. Imeneyi ndi njala. Njingayo inali ndi matenda awiri nthawi imodzi: yotsamwa pothamanga chifukwa cha sefa, yanjala poima chifukwa cha jeti yaing'ono. Pulagi inatiuza za matenda oyamba okha.

Petulo wa m'kambale titamuthira m'botolo, pansi panadikha tofiira ndi timadontho ta madzi. Jeti yaing'ono inali ndi nambala 38, ndipo kuwala sikunali kupyola. Pampu yokha inalephera, koma kawaya ka mkuwa kanatulutsa kachinyalala kochepa ngati kanjere ka mchenga. Sikuluwu yaing'ono, imene pa njinga iyi ili kumbali ya injini, tinaipeza itamasulidwa kanayi, kusonyeza kuti wina anayesa kuonjezera petulo pamenepo. Tinaibwezera pa kawiri, tinachuna injini itatentha, ndipo inakhazikika pa kawiri ndi kotala. Njinga inalira chiimire mphindi zisanu osadumpha. Pa ntchito yonseyi panapita sopo, oyilo supuni imodzi ndi petulo wosakwana kapu.

Tofiira tija tinachokera m'thanki, choncho jeti ikanatsekekanso. Mwini njinga anatsuka kasefa ka pa kampopi, anagula kasefa kapulasitiki koika pa paipi ya petulo, ndipo tsopano petulo wa m'botolo amamuthira kudzera pa nsalu yoyera yopanda ulusi wothothoka. Patapita sabata tinachotsanso pulagi, ndipo inali yofiirira.

Zitatuzi zikakhala zopanda mlandu

Nthawi zina pulagi ili bwino, sefa ndi yoyera, jeti ndi yotseguka, koma njinga ikuzimabe. Yang'anani polumikizira pakati pa kabuleta ndi injini. Labala wa pamenepo akang'aluka, kapena maboti akamasuka, mpweya umalowera pambali osadzera m'kabuleta, ndipo injini imakhala ndi njala. Chizindikiro chake ndi ralenti yosakhazikika: mukasiya mafuta injini imachedwa kutsika, kenaka imagwa ndi kuzima. Mangani maboti, ndipo labala wong'aluka musinthe, osammanga ndi lekeni.

Ngati petulo akudontha pa kapaipi ka pansi pa kabuleta njinga itaima, choyandama kapena kasingano kake sikakutseka. Ngati njinga imalira bwino ili yozizira koma imazima ikatentha, ndipo kiki yapepuka kuposa kale, mwina mpata wa mavavu watha. Mpata umenewu ndi wochepa kwambiri, pa njinga zambiri zotere sufika 0.1 ya milimita, ndipo umayezedwa injini ili yozizira ndi timapepala tachitsulo tija. Pitani nayo kwa makaniko, ndipo mutenge kope lanu. Mukamuuza mtundu wa pulagi, zimene tchoki inachita ndi zimene munapeza m'botolo, sadzayambanso kufufuza kumene inu mwadutsa kale.